Yilidi yatsika: momwe mungalembere disikashoni yonena komwe magalamu apita

Malipoti a labu ndachongapo ambiri ndithu, ndipo pakafika pa disikashoni chiganizo chimakhala chomwechomwecho, akuti yilidi yatsika chifukwa cha zolakwitsa za munthu komanso zina zinatsalira m'ziwiya, basi kwatha. Ine ndikawerenga zimenezo ndimalemba funso limodzi m'mbali ndi cholembera chofiira: magalamu angati, ndipo anatsalira pati? Chifukwatu zinthu sizimangosowa m'fulasiki ngati zauluka, ngati pa pepala munayembekezera magalamu 2.61 koma pa sikelo mwapeza 1.62, ndiye kuti 0.99 ili penapake, mwina inapita ndi madzi osefa, mwina sinapangidwe n'komwe, mwina inapangidwa kenako n'kuphwasukanso. Ntchito ya disikashoni ndi kulondola 0.99 imeneyo mpaka muipeze, kapena mupeze gawo lalikulu la iyo.

Ndigwiritsa ntchito asipirini, poti ndi imene ambiri amayambira pa oganiki. Manambala a pa sikelo ndi achitsanzo chabe, inu muikepo anu, koma masamu ake ndi omwewo.

Gawo 1. Musanadandaule, onaninso yilidi ya pa pepala

Zimachitika kuti munthu walemba ndime zitatu kufotokoza kutsika kwa yilidi pomwe vuto ndi masamu ake. Ndiye yambani pamenepa. Tinene kuti munayeza asidi wa salisiliki magalamu 2.00, munathira asetiki anihaidiraidi mamililita 5.0 ndi madontho ochepa a asidi wa fosiforiki ngati katalisiti, n'kutenthetsa m'madzi otentha. Molo imodzi ya salisiliki imapereka molo imodzi ya asipirini, ndipo asidi wa asetiki amatuluka pambali.

```
C7H6O3 + (CH3CO)2O → C9H8O4 + CH3COOH
2.00 g / 138.12 = 0.01448 mol
5.0 mL x 1.08 / 102.09 = 0.0529 mol
0.01448 x 180.16 = 2.61 g
```

Apa zikuoneka kuti salisiliki ndi amene akutha msanga, ndiye limitingi riyejenti wathu, ndipo anihaidiraidi ndi wochuluka kupitirira katatu ndi theka. Sungani mfundo imeneyi chifukwa ikupulumutsani ku bodza lina lomwe anthu amakonda kulemba, loti mwina sindinayeze bwino anihaidiraidi. Olo mukanathira 4.5 m'malo mwa 5.0, akanakhalabe wochuluka kwambiri, yilidi ya pa pepala sikanasintha ngakhale pang'ono. Onetsetsaninso kuti mwagwiritsa ntchito nambala imene inaoneka pa sikelo yanu osati ya mu manyuwalo, ngati munayeza 1.93 musawerengere pa 2.00, apo ayi mwadzibera nokha mapelesenti atatu ndi theka musanayambe n'komwe.

Gawo 2. Dulani kutayikako m'magawo, malinga ndi pomwe munayeza

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, ndipo ndi pomwe ambiri amadziwonongera okha ali mu labu chifukwa amangoyeza kamodzi kumapeto. Ngati munayeza kurudi wanu, ndiye zija zoyamba kusefa musanaziyeretse, muli ndi manambala atatu osati awiri. Mu chitsanzo chathu kurudi atauma anali magalamu 2.19, ndipo mutachita rikirisitalaizeshoni mu ethanolo ndi madzi munatsala ndi 1.62.

```
2.19 / 2.61 = 84%
1.62 / 2.19 = 74%
1.62 / 2.61 = 62%
```

Taonani momwe nkhani yasinthira. Poyamba munali ndi 0.99 yosowa yomwe simumadziwa poyambira, pano muli ndi 0.42 imene inasowa pakati pa riyakishoni ndi kusefa koyamba, ndi 0.57 imene inasowa pa kuyeretsa. Kutanthauza kuti kupitirira theka la kutayikako kwachitika riyakishoni itatha kalekale. Munthu amene walemba tsamba lonse za riyakishoni yosamalizika osatchula rikirisitalaizeshoni wafotokoza kachigawo kakang'ono n'kusiya chachikulu. Disikashoni yanu iyambe ndi gawo lomwe ladya magalamu ambiri, osati lomwe linachitika koyamba mu labu.

Koma chenjerani ndi nambala ya kurudi. Imakhala ndi tanthauzo pokhapokha ngati anauma. Makirisitalo ongochoka pa fanelo ya Büchner amaoneka ouma pamwamba koma mkati muli madzi ndi asidi wa asetiki, mukawagwira ndi sipachula amamatirira ngati phala ndipo fungo la viniga limamveka. Kurudi wonyowa akhoza kukupatsani 2.8, kuposa ya pa pepala, ndiye mukadzayeretsa mumaganiza kuti mwataya galamu yathunthu ndi zina pomwe gawo lina anali madzi. Ngati simunaumitse mpaka sikelo itasiya kusintha, nenani zimenezo poyera mu lipoti, ndipo nenani mbali yake: kunyowa kumakweza nambala, sikutsitsa. Ndawonapo kangapo munthu akulemba kuti yilidi yatsika chifukwa zinthu sizinaume, zimene zili zotembenuza, chifukwa ngati zomaliza zinali zonyowa ndiye kuti yilidi yanu yeniyeni ndi yotsika kuposa imene mwalembayo.

Gawo 3. Zomwe zinapita ndi madzi, ziwerengeni

Asipirini sasungunuka kwambiri m'madzi, koma kusasungunuka kwambiri si kusasungunuka. Pa madigiri 25 amasungunuka pafupifupi magalamu 0.33 m'mamililita 100 a madzi, m'madzi oundana amachepera pamenepo, m'madzi ofunda amachuluka. Ndiye tsegulani notibuku, muphatikize madzi onse amene anakhudza makirisitalo anu pa kusefa koyamba. Tinene munathira mamililita 40 kuti asipirini atuluke, n'kutsuka kawiri ndi mamililita 5, onse pamodzi 50. Akanakhala madzi okhaokha pa madigiri 25, akananyamula mpaka pafupifupi magalamu 0.17. Imeneyo ndi nambala yoti mukhoza kuiika mu lipoti, ndipo ikufotokoza kale gawo labwino la 0.42 ija.

Tsopano pali kanthu komwe ochepa amakaona, ndipo wochonga akakawerenga amadziwa kuti munthuyu waganiza. Madzi amene mukusefawo si madzi okhaokha. Anihaidiraidi wotsala uja, mamolo 0.0384, mukathira madzi amasanduka asidi wa asetiki, molo imodzi kupereka ziwiri, ndiye 0.0768, kuphatikizapo 0.0145 wochokera mu riyakishoni yeniyeniyo, zonse pafupifupi mamolo 0.091, omwe ndi magalamu 5.5 a asidi wa asetiki m'mamililita 40 a madzi. Asipirini amasungunuka bwino m'madzi osakanikirana ndi asetiki chonchi kusiyana ndi m'madzi enieni. Ndiye kuzizira kwa ayisi kukukokera nambala pansi, asetiki akuikokera m'mwamba, ndipo 0.17 ija muitenge ngati chongoyerekeza cha kukula kwake, osati yankho lenileni. Lembani choncho, kuti ndi nambala ya m'ma 0.1 a galamu osati ya m'ma 0.01, zimenezo zakwanira.

Zimene munachita ndi manja anu zimalowa pano, koma zilowe ndi dzina lake. Ngati munasefa patangopita mphindi zisanu mu ayisi chifukwa nthawi ya labu imatha, makirisitalo anali asanamalize kutuluka, ndipo umboni wake ambiri amauona koma salemba: m'fulasiki yolandirira madzi osefa ija mumayamba kuoneka timakirisitalo toyera tikuyandama pakapita kanthawi. Ngati munatsuka ndi madzi a pa tebulo osati ozizira, nenani. Kumeneko ndiye kusiyana kwa kulemba kuti panali zolakwitsa ndi kulemba kuti ndinatsuka ndi mamililita 10 a madzi osazizira.

Gawo 4. Rikirisitalaizeshoni, komwe kwapita 0.57

Pano musalembe ngati mwachita ngozi. Kuyeretsa kwa mtundu uwu kumataya zinthu mwa chikhalidwe chake, chifukwa madzi otsala pambuyo pa kusefa, amene timawatchula kuti madha lika, amakhala atakhuta asipirini pa kuzizira komwe munasefera. Olo mutachita bwino chotani, gawo limenelo limapita. Funso ndi loti linakula chifukwa chiyani. Ethanolo ndiye amakhala wopalamula nthawi zambiri, poti asipirini amasungunuka kwambiri mwa iye, pafupifupi galamu imodzi m'mamililita 5. Ndiye ngati manyuwalo inati musungunule mu ethanolo wotentha wochepetsetsa, inu mwaona kuti zikuchedwa n'kuwonjezera mamililita awiri atatu ongokhuthula, mamililita amenewo amagwirabe asipirini wambiri ngakhale mutathira madzi ndi kuziziritsa. Lembani kuchuluka kwa ethanolo ndi madzi amene munagwiritsa ntchito, tinene 6 ndi 15, kuti wowerenga aone yekha.

Ngati muli ndi mwayi woti simunataye madha lika, iikeni mu ayisi nthawi yaitali kapena muiphwetseko pang'ono, musefenso, muyeze. Tinene mwapezamo magalamu 0.21. Pamenepo simukuganiziranso, muli ndi umboni woti pa 0.57 ija, 0.21 inali m'madzimo, ndipo ina ikadali momwemo chifukwa madzi achiwiri nawonso ndi okhuta. Zachiwirizi musaziphatikize ndi zoyamba pa yilidi popanda kunena, zimakhala zodetsedwa kuposa zoyamba.

Komanso si 0.57 yonse imene inali asipirini. Kurudi anali ndi zinyalala, makamaka salisiliki, yemwe nayenso sasungunuka kwambiri m'madzi ozizira ndiye amagwera limodzi ndi asipirini pa kusefa koyamba. Mukamayeretsa mukuchotsa zimenezo dala. Ndiye gawo lina la kutsika kwa sikelo ndi kutaya asipirini, gawo lina ndi kuchotsa zomwe sizinali asipirini kuyambira pachiyambi, ndipo izi zikutanthauza kuti 84% ya kurudi ija inali yokometsera. Chiganizo chimenechi chokha chimasiyanitsa lipoti labwino ndi la wamba.

Gawo 5. Riyakishoni inatha kapena ayi, funsani mayeso anu

Simungangonena kuti riyakishoni sinamalizike chifukwa mwaona ena akulemba choncho. Muli ndi mayeso awiri omwe mwina munachita, agwiritseni ntchito. Loyamba ndi la FeCl3. Salisiliki ali ndi gulu la fenolo, OH yokhala pa ringi, ndipo limapereka mtundu wa pepo likakumana ndi ayironi ameneyu. Mu asipirini OH imeneyo yatsekedwa ndi asetailo, ndiye asipirini woyera sasintha mtundu, madzi amangokhala achikasu monga analili. Ngati kurudi anapereka pepo wooneka bwino koma woyeretsedwa sanapereke, muli ndi umboni woti salisiliki analipo ndipo wachoka.

Lachiwiri ndi melitingi poyinti. Asipirini woyera amasungunuka pafupi ndi madigiri 135 mpaka 136, salisiliki pafupi ndi 159. Anthu ena amaganiza kuti poti salisiliki ali pamwamba, akasakanikirana nambala ikwera, ayi, kachinyalala kochepa kamatsitsa ndi kutambasula. Kurudi wa 126 mpaka 132 ndi woyeretsedwa wa 134 mpaka 136 akunena nkhani yomweyo imene FeCl3 wanena.

Koma mayesowa ali ndi malire, ndipo muwanene. Pepo uja akukuuzani kuti salisiliki alipo, sakukuuzani kuti wachokera kuti. Akhoza kukhala amene sanachite riyakishoni, kapena akhoza kukhala asipirini amene anapangidwa bwinobwino kenako n'kuphwasuka, chifukwa asipirini ndi esita, ndipo m'madzi otentha okhala ndi asidi amabwerera kukhala salisiliki ndi asetiki, ija timati haidirolisisi. Kuti musankhe pakati pa ziwirizi, yang'anani zimene zinachitika. Ngati munatenthetsa mphindi zochepa kuposa za mu manyuwalo, kapena timiyala ta salisiliki tinali tisanasungunuke tonse pomwe mumachotsa fulasiki pa moto, riyakishoni yosamalizika ndi imene ili ndi mphamvu. Ngati munawiritsa nthawi yaitali mutathira kale madzi, kapena zomaliza zikuperekabe pepo pang'ono ndi kafungo ka viniga pambuyo pa kuyeretsa kotentha kwa nthawi yaitali, haidirolisisi ndi imene ikukwanira. Ngati palibe chokuthandizani kusankha, lembani kuti zonse ziwiri n'zotheka ndipo mayeso amene munachita sangazisiyanitse, palibe wochonga wanzeru angakudulireni malikisi pa zimenezo. Ndipo FeCl3 amagwira ngakhale kochepa kwambiri, ndiye pepo wakuda sakutanthauza kuti theka la kurudi ndi salisiliki.

Pali mawu amodzi omwe ndimawafufuta kawirikawiri pa malipoti a asipirini, oti yilidi yatsika chifukwa riyakishoni inafika pa ikwilibiriyamu. Amenewo mwabwereka ku esiterifikeshoni ya Fischer, komwe asidi wa asetiki ndi ethanolo mukaziika zofanana mamolo zimaima pafupi ndi magawo awiri mwa atatu, ndipo kumeneko ikwilibiriyamu ndi chifukwa chenicheni choyamba kutchula. Koma anihaidiraidi amagwiritsidwa ntchito pa asipirini ndendende chifukwa riyakishoni yake imapita kutsogolo pafupifupi mpaka kumapeto, kuwonjezera apo ndi wochuluka katatu ndi theka. Ikapanda kutha, vuto ndi nthawi, kutentha kapena katalisiti.

Gawo 6. Zifukwa zazing'ono, ziyeseni musanazilembe

Chifukwa chilichonse chimene chabwera m'mutu, dzifunseni kuti chikhoza kudya magalamu angati. Sikelo yolakwitsa ndi 0.01 pa 2.61 ndi 0.4% yokha, singafotokoze 38% yosowa, komanso ikhoza kulakwitsa kukwera kapena kutsika, ndiye si chifukwa cha kutsika. Fulasiki yonyowa nayo anthu amaikonda, ndipo n'zoona kuti madzi amawononga anihaidiraidi, koma dontho limodzi la mamililita 0.05 ndi mamolo pafupifupi 0.0028, pomwe wotsala ndi 0.0384. Pangafunike magalamu pafupifupi 0.7 a madzi, madontho khumi ndi anayi kapena kuzungulira pamenepo, kuti kuchuluka kwakeko kuthe. Kachinyezi ka m'fulasiki sikangachite zimenezo. Botolo la anihaidiraidi lakalekale lomwe limasiyidwa lotsegula ndi nkhani ina, koma pamenepo kalasi yonse yilidi imagwa pamodzi, ndiye funsani anzanu manambala awo musanaliloze chala.

Zotsalira m'ziwiya n'zenizeni, koma tchulani chiwiya. Munasamutsa kangati, kuchoka m'fulasiki kupita pa fanelo, pa fanelo kupita m'bika, m'bika kubwerera pa fanelo, kenako pa galasi loumitsira, ndi kanayi kameneko. Ngati munayeza pepala losefera lisanagwire ntchito ndi pambuyo pake litauma n'kupeza kusiyana kwa 0.04, lembani 0.04. Ngati simunayeze, nenani zimene munaona, monga kachingwe koyera komatirira m'mbali mwa fulasiki komwe sipachula inalephera kukokota. Zopangidwa zina zapambali muzitchule pokhapokha munaona chizindikiro, monga zinthu zomata ngati ulimbo kapena mtundu wachikasu pambuyo pa kutenthetsa mopyola, osati kungokopera mayina ataliatali.

Gawo 7. Kulemba ndimeyo

Yambani ndi manambala, kenako gawo lalikulu, kenako lotsatira, chilichonse ndi umboni wake, ndipo muzisiyanitsa mawu: chimene munayeza munene molimba, chimene mwawerengera munene kuti pafupifupi, chimene mukungoganizira munene kuti n'kutheka. Ya chitsanzo chathu ikhoza kuyenda chonchi, inu muilemba m'chilankhulo cha lipoti lanu:

Yilidi ya pa pepala inali magalamu 2.61 kutengera asidi wa salisiliki, ndipo asipirini woyeretsedwa anali 1.62, yomwe ndi 62%. Pa magalamu 0.99 osowa, 0.57 anatayika pa rikirisitalaizeshoni ndipo 0.42 isanafike. Pa rikirisitalaizeshoni, chachikulu chinali kusungunuka kwa asipirini mu ethanolo ndi madzi, poti madha lika itaziziritsidwanso inatulutsa magalamu ena 0.21. Gawo lina linali kuchoka kwa zinyalala, chifukwa kurudi anapereka pepo ndi FeCl3 ndipo anasungunuka pa madigiri 126 mpaka 132, pomwe woyeretsedwa sanapereke mtundu ndipo anasungunuka pa 134 mpaka 136. Pa kusefa koyamba, mamililita 50 a madzi akanatha kunyamula pafupifupi magalamu 0.17 pa madigiri 25, ndipo asidi wa asetiki amene analimo ayenera kuti anawonjezera kusungunukako ngakhale madziwo anali ozizira. Salisiliki wopezeka mu kurudi n'kutheka kuti sanachite riyakishoni kapena anachokera ku haidirolisisi, ndipo mayeso amene anachitika sangasiyanitse ziwirizi. Pepala losefera lomaliza linatsala ndi magalamu 0.04.

Mukaphatikiza 0.21, 0.17 ndi 0.04 mupeza 0.42, sizikufika pa 0.99, ndipo musakakamize kuti zifike popeka manambala. Onjezani chiganizo chonena kuti yotsalayo ili m'madha lika yachiwiri yomwe inali ikadali yokhuta, m'madzi osefa oyamba okhala ndi asetiki, mu salisiliki amene sanakhale asipirini, ndi m'ziwiya zomwe sizinayezedwe. Ngati lipoti likufuna zoti mungakonze ulendo wina, zitengeni pa gawo lalikulu lomwelo: kuthira ethanolo wotentha dontho ndi dontho mpaka makirisitalo atangosungunuka, kusiya fulasiki izizire yokha musanaiike mu ayisi, kudikira mpaka makirisitalo asiye kuwonjezereka, ndi kutsuka ndi madzi ozizira ochepa kawiri m'malo mokhuthula ambiri kamodzi.